Mwana wapsa m'thewera ndipo mafuta akukanika, ndithandizeni

Amake Tadala: Mwadzuka bwanji amayi anzanga. Ndabwera ndi vuto. Tadala ali ndi miyezi 7 ndipo wapsa m'thewera, lero ndi sabata yachitatu. Zinayamba atatsegula m'mimba, kuchipatala anatipatsa Thanzi ndi timapiritsi ta zinki, komanso amokisilini wamadzi chifukwa ankatsokomolanso. M'mimba munasiya koma matako anangoti psuu. Ndinapaka vaselini masiku atatu, osasintha. Mnzanga wina anandiuza za kirimu wa mumsika, ndinagula, masiku awiri okha mwana anayera bwinobwino. Nditasiya zinabwerera moposa kale. Ndapakanso masiku 10 tsopano koma zikungofalikira. Akakodza amalira ngati wamutsina. Nditani ine?

Anambewe: Pepani amake mwana. Ameneyo ndi mano basi. Anga onse asanu akamamera mano ankatsegula m'mimba n'kupsa kumatako. Muzimuthira paudala mukamusambitsa, pakauma papola.

Amake Wongani: Mukugwiritsa ntchito matewera anji? Ine wanga ankapsa ndi mapampasi ogula limodzilimodzi pa okala aja. Nditabwerera ku matewera ansalu zinatheratu.

Amake Tadala: Masana ansalu ndi kabudula wapulasitiki pamwamba, usiku pampasi. Ndalama ya pampasi tsiku lonse ndilibe, musandiseke.

Sisita Nachisale: Palibe wokusekani, ana ambiri a kuno akulira m'matewera ansalu. Ndisanayankhe chilichonse, mumuvule mwanayo pabwalo powala, mutambasule timiyendo, muyang'ane zinthu ziwiri. Choyamba, kodi m'mphechepeche ndi m'makwinya mwenimwenimo, mmene khungu limakhudzana, mwafiira kapena muli bwino? Chachiwiri, kodi kunja kwa pofiirapo kuli timadontho tofiira tomwazikana tokhatokha, tolowera kumimba kapena kuntchafu? Mumuyasamitsenso muone lilime ndi m'masaya. Ndipo mundiwerengere zimene zalembedwa pa chubu cha kirimu wa mumsikayo, timalemba ting'onoting'ono tija.

Amake Tadala: Ndaona. M'makwinyamo ndi momwe mwafiira kwambiri, mukunyezimira ngati nyama yaiwisi. Timadontho tilipo tambiri, tafika mpaka pansi pa mchombo. Mkamwa muli zoyera ngati mkaka wotsalira, ndayesa kupukuta ndi kansalu sizikuchoka. Pa chubu palembedwa kilobetaso, 0.05%.

Sisita Nachisale: Chabwino. Chubucho musapakenso ngakhale kamodzi, koma musachitaye, mupite nacho kuchipatala akachione.

Kupsa kwa m'thewera wamba kumachitika chonchi. Mkodzo pawokha suwotcha kwenikweni, koma ukasakanikirana ndi chimbudzi, tizilombo ta m'chimbudzimo timausandutsa amoniya, fungo loswa mphuno lija mumalimva mukamasula thewera la usiku. Khungu likakhala lonyowa limafewa ngati zala za munthu amene wachapa tsiku lonse, kenako thewera limalikhula. Chimbudzi cha mwana wotsegula m'mimba ndiye chimaluma kwambiri chifukwa chimatuluka ndi timadzi togaya chakudya tisanathe mphamvu. Kupsa kwa mtundu umenewu kumagwira malo otukuka amene amagunda thewera, monga matako ndi pamwamba pa ntchafu, koma m'makwinya mumatsala mwabwinobwino chifukwa thewera silifikamo.

Za Tadala zadutsa pamenepo. Zikalowa m'makwinya n'kumwaza timadontho kunja, amakhala fangasi wotchedwa kandida. Amakonda malo ofunda, onyowa, osupuka kale, ndipo amachuluka mwana akamwa maantibayotiki, chifukwa mankhwalawo amapha ndi tizilombo tabwino timene timamupanikiza. Zoyera za mkamwazo ndi yemweyo. Vaselini sanalakwe, kungoti sapha fangasi.

Bambo a Mphatso: Ndiloleni ndilowerere ngakhale ndili bambo. Sisita, ngati kirimuyo anayeretsa mwana m'masiku awiri, ndiye kuti amagwira ntchito. Mwina vuto n'loti amayiwa anasiya msanga?

Sisita Nachisale: Achimwene, ndi pamene ambiri amagwera pamenepo. Kilobetaso ali m'gulu la mankhwala ophwetsa kutupa amphamvu kwambiri, amene ngakhale munthu wamkulu sapatsidwa mwachisawawa. Amazimitsa kufiira ndi kuyabwa, ndiye maso amati zapola. Koma kufiirako ndi thupi likumenyana ndi fangasi. Mukazimitsa, fangasi amadya mwamtendere, n'chifukwa chake zafika kumchombo. Chinanso, khungu la khanda ndi lopyapyala, ndipo thewera ndi kabudula wapulasitiki zimatsekera mankhwalawo mkati, ndiye ambiri amalowa m'thupi. Akapakidwa milungu yambiri khungu limapyapyala, limachita mizere, ndipo mwana amatha kutupa nkhope ndi kufooka chitetezo. Masiku 10 si mapeto a dziko, koma pakwana. Makirimu ambiri amene amagulitsidwa kuti ndi "ochotsa chilichonse" kapena oyeretsa khungu amakhala ndi kilobetaso kapena betametazoni mkati. Mukaona mayina awiriwa, asayandikire thewera.

Amake Tadala: Mayo ine, ndiye ndamupweteka ndekha mwana. Nanga ndipake chiyani?

Sisita Nachisale: Pitani naye lero kapena mawa, musadikire tsiku la sikelo. Akamuona akavomereza kuti ndi kandida, adzakupatsani kirimu wa kilotirimazo 1% kapena nisitatini. Mumapaka mopyapyala kawiri kapena katatu pa tsiku, pakhungu loyera ndi louma, mpaka pa timadontho takunja tija. Pakatha masiku atatu kapena anayi muyenera kuona kusintha, koma musasiyire pomwepo, pitirizani mpaka milungu iwiri ikwane kapena monga akuuzireni, chifukwa fangasi amatsalira khungu litayera kale. Masiku oyamba mutasiya kirimu wa mumsikayo pakhoza kufiira kwambiri, musabwerere kwa iye. Mkamwamo muwauze aonemonso, pali nisitatini wamadzi wodonthezera. Ngati mawere anu akuyabwa kapena kubaya mwana akamayamwa, nenani, chifukwa mumatha kupatsirana, mwana kupola inu n'kumubwezeranso.

Anambewe: Ife kale tinkangopaka jivi mkamwa, mwana n'kukhala wa milomo yapepo sabata yathunthu, zinkatha. Koma paudala mwamukaniranji? Simunandiyankhe.

Sisita Nachisale: Amayi, jivi amaphadi fangasi, ndipo kumene kulibe china amagwiritsidwabe ntchito, koma akakhala wokhathamira amawotcha mkamwa, ndiye asamasungunulidwe pakhomo mongoyerekeza. Paudala ndiye ndimakana. Akanyowa ndi mkodzo amaumbika timibulu m'makwinya n'kumakhula pabala, ndipo fumbi lake mwana amalipuma. Za mano mwalondola theka. Pa msinkhu umenewu mwana amayamba phala, amakwawa, amatola chilichonse n'kuika mkamwa, ndiye chimbudzi chimasintha ndipo kutsegula m'mimba kumachuluka. Zimangokumana ndi mano pa nthawi imodzi. Choopsa n'choti tikati ndi mano timakhala pansi kudikira dzino lituluke.

Anambewe: Kaya. Anga anakula ndi paudala ndipo ali ndi ana awo pano.

Amake Wongani: Ine ndiye ndibwereze za matewera. Ansalu ndi abwino kuposa mapampasi, eti Sisita?

Mayi Jere: Ine ndikutsutsa. Kuno ku Joni ndimalera ana a abwana, onse amavala otaya ndipo sapsa. Wanga ndili kumudzi ankapsa ndi ansalu mwezi uliwonse.

Sisita Nachisale: Nonse mukunena zimene munaona. Pampasi wabwino amayamwa mkodzo n'kuuchotsa pakhungu, ndiye kumbali imeneyo amaposa nsalu. Koma chifukwa ndi wodula, timamusiya pamwana kuyambira m'mawa mpaka madzulo mpaka alendewere, ndipo pamenepo nsalu yosinthidwa pafupipafupi imamuposa kutali. Chimene chimawotcha ndi nthawi imene mwana wakhala m'chinyontho. Masana musapitirire maola awiri kapena atatu, ndipo akachita chimbudzi sinthani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Amake Tadala, kabudula wapulasitikiyo mupumitseni kaye. Mukakhala pakhomo yalani chitenje chakale pamkeka, mwana akhale wopanda thewera, kangapo pa tsiku. Mphepo imachita zimene chubu sichingachite. Posambitsa kumatako, madzi ofunda okha, othira ndi kapu kapena dzanja. Sopo ayi, timapepala tonunkhira topukutira tija ayinso mpaka apole. Poumitsa muzingogunditsa kansalu kofewa, osakhula. Mukapaka mankhwala dikirani pang'ono alowe, kenako vaselini wopanda fungo kapena mafuta a zinki pamwamba kuti mkodzo usafike pakhungu. Mafuta a zinki oyera aja amakakamira, musalimbane nawo kuwachotsa onse posintha thewera, chotsani odetsedwa okha muonjezere ena.

Amake Chikondi: Kuchapa kwake nakonso. Ine ndinkanyika matewera mu sopo waufa ndi jiki usiku wonse n'kutsukuluza kamodzi chifukwa madzi kwathu timagula pa kiyosiki. Mwana ankapsa osaleka. Apongozi anga anandionetsa kuti ndikafinya thewera lochapalo thovu linkatulukabe. Panopa ndimatsukuluza katatu, madzi omalizawo ndimakolopera m'nyumba. Ndimayanika pachingwe padzuwa, osati paudzu, ndipo ndimasita ndithu, chifukwa wa mchemwali wanga anatuluka mphutsi ziwiri pathako, za ntchentche zija zimaikira mazira pa zovala za mkodzo nthawi ya mvula. Tinkayesa zithupsa.

Amake Wongani: Iii zimenezo ndiye ndimaziopa. Makala a simbi akadula bwanji ndimasitabe.

Nagama: Pepani ndalowa mochedwa, sindinawerenge zonse. Wanganso ali ndi zomwezo koma iye zili m'masaya ndi m'miyendo, miyezi 5. Khungu lakhakhala, lathimbirira, akumadzikhula nkhope pamsana panga ndikamubereka, usiku sagona. Ndiye ndikagule kilotirimazo yemweyo? Apongozi akuti ndi mauka, akufuna apite nane kwa azimayi ena akandione ine.

Sisita Nachisale: Anagama, musagule, zanuzo si zomwezo. Ndifunseko. M'thewera mwake muli bwanji? Pali wina m'nyumbamo amene akukanda usiku? M'manja ndi kumapazi kwa mwana kuli timatuza? Ndipo kubanja kwanu kapena kwa bambo ake kuli wa mphumu, kapena woyetsemula ndi kuyabwa maso nthawi ya fumbi?

Nagama: M'thewera ndi mosalala bwinobwino, ndi malo okhawo abwino thupi lonse. Palibe wina akukanda. M'manja mulibe kanthu. Bambo ake ndi a mphumu kuyambira ali mwana.

Bambo a Mphatso: Ndimati ndinene kuti mphere, koma ngati ena sakukanda ndabweza mawu.

Sisita Nachisale: Munaganiza bwino, mphere ndi woyamba kumuchotsa pa mndandanda, chifukwa kwa makanda amakonda zikhatho ndi mapazi ndipo sagwira munthu mmodzi m'nyumba. Izi zikumveka ngati chikanga. Sindingatsimikize pa foni, akamuone, koma zizindikiro zikugwirizana: masaya, kunja kwa miyendo ndi mikono, kuyabwa kosagonetsa, mphumu kubanja, ndi m'thewera mwabwino. Apa pali chodabwitsa chake. Tadala wavulala chifukwa khungu lanyowa kwambiri, wa Anagama akuvutika chifukwa khungu lake silisunga madzi, limauma n'kuchita timing'alu tosaoneka, sopo ndi fumbi n'kumalowa. M'thewera mumapulumuka chifukwa mumakhala chinyezi. Pakhungu lathu lakuda chikanga sichifiira ngati pa zithunzi za azungu, chimaoneka chotuwa, chakuda kuposa khungu lina, kapena timinsungu tating'ono ngati khungu la nkhuku yososola. Sichipatsirana, ndipo sichichokera m'thupi mwa mayi. Za mauka ndikupemphani, munthu asakudulenipo kalikonse. Ngati inuyo mukumva kuyabwa kumaliseche, kuchipatala kuli mankhwala ake, koma sizikukhudzana ndi masaya a mwana.

Nagama: Apongozi anga simukuwadziwa, Sisita.

Anambewe: Atengeni mupite nawo limodzi kuchipatala akamve okha kwa adokotala. Mawu a mtengwa sangawamve. Ine ndine mpongozi, ndikudziwa.

Amake Yamikani: Anagama, wanga ali ndi zaka 3 tsopano, chikanga chinayamba ali ndi miyezi 4, ndiye njira imeneyi ndayenda. Cholakwa changa chachikulu chinali ukhondo. Ndinkaganiza kuti ndi litsiro, ndiye ndinkamusambitsa katatu pa tsiku ndi sopo wamankhwala, madzi otentha, n'kuthiramo mankhwala opha tizilombo aja amayeretsa madzi ngati mkaka, kenako kumukhula ndi chinkhupule. Ndinkangothira mafuta pamoto. Panopa ndi kamodzi pa tsiku, madzi ofunda pang'ono, mphindi 5 kapena 10, opanda sopo. Kuchipatala anandipatsa mafuta olimba oyera aja a emasifaingi, ndimasungunula pang'ono m'manja ndi madzi n'kusambitsira m'malo mwa sopo, koma chenjerani mwana amaterera ngati mlamba. Akangotuluka m'beseni ndimamugunditsa thaulo, khungu lisanaumiretu ndimamupaka vaselini thupi lonse, motsetsereka ndi ubweya, osati mozunguliza. Masana ndimapakanso kawiri kapena katatu, ndipo ndimatapa ndi supuni yoyera, osapisa chala m'botolo. Botolo lalikulu kwathu silitha mwezi. June ndi July, mwera ukayamba, ndiye nkhondo. Juzi yaubweya ndi shawelo zisakhudze khungu, mkati avale kansalu ka thonje. Zikhadabo kuwenga sabata iliyonse. Akamadya phala kapena kutuluka dovu, ndinkapaka vaselini m'masaya asanayambe.

Mayi Jere: Kuno aliyense amapaka akwiyasi kirimu, ndi wotchipa. Si yemweyo?

Sisita Nachisale: Akwiyasi anapangidwa kuti azisambira m'malo mwa sopo. Wambiri amakhala ndi mankhwala ochititsa thovu amene akatsala pakhungu amaluma ana achikanga, ndipo ku Britain anachenjezapo za zimenezi mu 2013. Kusambira n'kutsukuluza angathe, koma wopaka kuti akhalepo ndi bwino vaselini. Zimene anena Amake Yamikani sindichotsapo. Ndingoonjezera za nthawi imene chabuka. Mafuta okha sazimitsa chikanga chimene chayaka kale. Pamenepo adokotala amapereka haidirokotizoni 1%, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, pa malo okhakhala okhawo, kawirikawiri masiku 5 mpaka 7. Muyeso wake ndi chala chanu: mukafinya kirimu kuyambira kunsonga ya chala cholozera mpaka pa mzere woyamba, ameneyo akwana malo aakulu ngati zikhatho zanu ziwiri. Masaya awiri a khanda safuna ngakhale wonseyo. Musiyanitse ndi vaselini ndi mphindi ngati 30 kuti asasungunulane.

Bambo a Mphatso: Tsono Sisita mwandisokoneza. Kwa Tadala mwati mankhwala ophwetsa kutupa ndi oopsa, kwa uyu mukuti apake.

Sisita Nachisale: Ndi a banja limodzi koma mphamvu zake n'zotalikirana kwambiri, haidirokotizoni ali pansi penipeni, kilobetaso pamwamba penipeni. Kusiyana kwina ndi matenda ake. Chikanga ndi kutupa kopanda fangasi, ndiye kuzimitsa kutupako ndiko kuchiza. Kwa Tadala kuli fangasi, kuzimitsa kokha ndi kumubisa. Ngakhale m'thewera, pakapsa kwambiri adokotala amatha kulemba haidirokotizoni wa masiku ochepa, osapitirira 7, pamodzi ndi wopha fangasi. Koma alembe amene waona mwanayo. Ndimaonanso amayi oopa kwambiri, amene amapaka tsiku limodzi n'kusiya, mwana n'kumadzikanda mpaka magazi miyezi yathunthu. Khungu lokandidwa choncho ndi limene limalowa tizilombo.

Amake Yamikani: Ndipo pakapola pamatsala mawanga oyera kapena akuda. Ine ndinalira ndikuyesa mankhwala amuyeretsa mwana. Anabwerera mwakale patapita miyezi ingapo.

Amake Chikondi: Anagama musiye kudya mazira, mtedza ndi mkaka poti mukuyamwitsa. Mnzanga anatero mwana anachira.

Amake Yamikani: Ine ndinasiya zonsezo miyezi iwiri, ndinangowonda ine, mwana osasintha.

Amake Chikondi: Koma wa mnzangayo anachira ndithu, ndinamuona ndi maso anga.

Sisita Nachisale: Alipo ana ena amene chakudya, makamaka mkaka wa ng'ombe ndi mazira, chimawabutsira, koma si ambiri, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso zina monga kusanza, magazi m'chimbudzi, kutupa milomo kapena kusakwera sikelo. Chikanga chimabwera n'kupita chokha, ndiye chimene wasiya sabata imeneyo ndi chimene chimatamandidwa. Mayi woyamwitsa asadzimane ndiwo popanda kuuzidwa kuchipatala, ndipo kuyamwitsa kusaime. Anagama, pali zinthu zimene mukaziona musalembe pa gulu pano, nyamukani. Nkhanambo zachikasu ngati uchi wouma, kuchucha madzi kapena mafinya. Timatuza tambiri tofanana kukula tobuka mwadzidzidzi n'kusiya timaenje, makamaka kunkhope, mwana atatentha thupi, zimenezo ndi za tsiku lomwelo ngakhale usiku, ndipo munthu wa zilonda za pamilomo zija asamupsompsone mwanayu. Amake Tadala, inunso chimodzimodzi: kutentha thupi, kukana bere, matuza kapena zilonda zakuya. Ndipo ngati fangasi wa mkamwa ndi m'thewera akubwererabwerera mankhwala atamwedwa bwino, kapena sikelo ikutsika, amayeza zina monga HIV ndi kunyentchera. Si kukuganizirani zoipa, ndi mmene timagwirira ntchito.

Amake Tadala: Ndabwerako, patha masiku anayi. Adokotala atangoona chubu chija anapukusa mutu. Anati ndi kandida. Kilotirimazo kunalibe, anandilembera ndakagula ku famase, koma wodonthezera mkamwa anandipatsa, ndipo anati kirimuyo ndizipakanso kumawere mwana akamaliza kuyamwa n'kupukuta asanayamwenso. Tsiku lachiwiri panafiira zoopsa monga munanenera, ndinatsala pang'ono kubwerera ku chakale chija. Lero timadontho takumchombo tayamba kuuma n'kusendeka, m'makwinya mudakali mofiira koma akakodza sakuliranso. Mkeka wanga ndiye watha ndi mikodzo, bambo ake akuti m'nyumba mukununkha ngati khola la mbuzi.

Amake Wongani: Auzeni achape ndi iwowo.

Sisita Nachisale: Zikuyenda bwino. Musasiye pakayera, malizani masiku onse. Zikafika sabata m'makwinyamo musanasinthe mubwerere nayenso. Anagama, kwanuko?

Nagama: Tipita Lachinayi. Apongozi avomera kundiperekeza, koma akuti tikachoka kuchipatalako tidzerabe kwa azimayi aja. Vaselini ndayamba, dzulo wagonako maola anayi osadzuka. Funso langa, kuno ku Nchalo kutentha kwake mukukudziwa, mafuta olimbawa sangamutulutse nsungu za thukuta? Chifukwa m'khosi mwayamba timatuza tina tating'ono.

Amake Yamikani: Wanga zinkamuchitikira mu Okutobala. Masana ndinkapaka mopyapyala, m'khosi ndi m'khwapa ndinkadumphamo, wambiri ndinkapaka madzulo kukazizira. Koma timatuzato mukawaonetse Lachinayilo, ndipo tikachuluka kapena akatentha thupi musadikire Lachinayi.